6 koloko ya malume: masiku angapo pa msewu wa Mchinji

Lolemba usiku, Kawale

Malume agula minibasi yachiwiri, ndiye ati tsopano ndi kampani. Madzulo ano anandiitanitsa kwawo ku Area 36, ati poti ndine wa kusukulu ndiwakonzere mawu oika pansi pa chithunzi cha galimoto yatsopanoyo, oti aziyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Chithunzi ajambulitsa kale. Iwo aima pambali pa chitseko, dzanja pagalasi, nkhope ngati ya munthu wopempha mavoti.

Mawu omwe analemba okha kuseri kwa kalendala ndi awa: "Ulendo wa Lilongwe–Mchinji tsiku ndi tsiku! 6:00, 10:00, 2:00. Mitengo yotsika. Imbani tsopano!" Pansi pake nambala ya kondakitala.

Ndinawafunsa ngati minibasi zawo zinanyamukapo 6 koloko. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Iwe lemba basi. Anthu amadziwa kuti minibasi imanyamuka ikadzadza."

"Ndiye 6:00 ikuchita chiyani pamenepa, malume?"

"Ikuwaitana."

Ndinawauza kuti sindilemba kanthu ndisanakwere ndekha n'kuona ndi maso anga. Chifukwa chake n'chakuti mawuwo ayamba kuyendera pa nambala yanga, m'magulu a kutchalitchi ndi a anzanga a kukoleji, ndipo munthu akakazizidwa pa depoti adzatukwana ine, osati iwo. Anaseka, nati ndikwere koma ndilipire ngati wina aliyense. Sindinakwerepo galimoto yawo ya ku Mchinji, ndipo adalaivala ndi kondakitala sandidziwa. Zandikomera choncho.

Ndatchera alamu 4:45. Kunja kukuzizira kale, chisanu cha Juni chija cholowera pansi pa chitseko.

Lachiwiri m'mawa, depoti

Ndiulule: ndimaopa tauni kusanache. Wakabaza yemwe ndinapangana naye dzulo anabwera 5:20, ndipo njira yonse ndinakumbatira chikwama ngati mwana wodwala. Tinafika ku msewu wa Malangalanga kudakali mdima. Amayi a tiyi anali akukoleza mbaula, ena akusesa, ndipo utsi wa makala unali utagona pansi osafuna kukwera.

Vuto loyamba ndinalipeza ndisanaione n'komwe galimoto. Mawu a malume sanena malo. Munthu angoganiza kuti ndi ku depoti, koma depoti ya ku Lilongwe si malo amodzi oti ungaime pakati n'kuona zonse. Za ku Salima zili kwina, za ku Dedza kwina, za ku Kasungu kwinanso, ndipo ukangoonetsa nkhope yofunafuna oitanira amakuzungulira. "Asisi, Mchinji? Iyi ikunyamuka pompano, yatsala munthu m'modzi!" Wina anandigwira chikwama. Ndikanakhala mlendo ndikanalowa m'galimoto ya eni ake n'kumaganiza kuti ndi ya malume. Ndinaizindikira chifukwa cha chithunzi chija basi.

Inali yachitatu pamzere. Apa ndi pomwe 6 koloko ya malume inafera, ndipo si chifukwa cha ulesi wa munthu aliyense. Pa siteji galimoto zimapakira motsatana. Ya kutsogolo ikadzadza n'kuchoka, yotsatira imasendera. Wachitatu alibe ufulu wokweza munthu, ngakhale munthuyo abwere akuloza kuti ndikufuna iyo. Kondakitala wathu anandiuza mosabisa kuti ngati ndili pachangu ndikwere ya kutsogolo. Ndinati ndidikira. Anandiyang'ana kawiri, kenako anapita kukamwa tiyi.

Ndinamutsatira. Tiyi wamkaka ndi mandasi awiri K1,500. Mayi wogulitsayo ataona ndikunjenjemera anandisendezera mbaula ndi phazi osanena kanthu, n'kundipatsa kachigubu kokhalira.

Mzere wathu unafika 7:10. Nditalowa ndinapeza anthu asanu atakhala kale, ndipo mtima unakhala pansi kuti sitichedwa. Koma ndinadabwa kuti palibe ndi m'modzi yemwe anali ndi katundu. Pamene anthu enieni ankalowa, anyamata aja ankatsika m'modzim'modzi, wina ngati akukataya madzi, wina ngati waitanidwa pa foni. Ntchito yawo ndi imeneyo, kukhala m'galimoto kuti ioneke ngati yatsala pang'ono. Injini nayo ankailiza, kusendera kutsogolo pang'ono, kubwereranso. Aliyense wa ife amazidziwa izi, koma tsiku lililonse timakodwabe.

Kenako nkhani ya mtengo. Ine anandiuza K12,000, ndinapereka. Bambo wina wa jekete lachikopa anati ali ndi K10,000 yokha, anachita ngati akutsika, kondakitala n'kulandira. Mayi wa mabelo awiri a kaunjika analipira K12,000 yake, atakhala bwinobwino n'kuuzidwa kuti belo lililonse ndi K3,000. Mkangano wake unatidyera mphindi 15. Iye ankati bwenzi atamuuza asanakweze, kondakitala ankati mabelo adya malo a munthu. Onse ankanena zoona. Ndinalemba m'kope langa kuti mawu oti "mitengo yotsika" si mtengo. Bambo wa jekete amva kuti atha kunenerera, mayi wa mabelo amva kuti katundu ndi waulere.

Tinatuluka 8:25, anthu 14. Maola awiri ndi mphindi 25 pambuyo pa nthawi ya pa kalendala ya malume.

Lachiwiri masana, pa msewu

Tisanatuluke n'komwe m'tauni tinaima pa filingi siteshoni. Mafuta amathira ndi ndalama zomwe tangolipira ife, n'chifukwa chake sathira usiku. Mphindi zina 10.

Msewu wa M12 ndi wa makilomita pafupifupi 110 kukafika pa boma. Galimoto yaing'ono yosaima imaudya msanga, koma minibasi imayenda ngati nkhuku yotola chimanga. Pa Njewa tinatsitsa m'modzi, pa Chitedze tinakweza awiri, pa Mpingu wina anatsika ndi nkhuku yake yomwe sindinadziwe kuti inali pansi pa mpando wanga. Ndinayamba kulemba zomwe anthu apanjira ankalipira kuchokera m'tauni: Msundwe K4,000, Namitete K6,000, Kamwendo K10,000. Ndinaona kuti mwa anthu 14 tinanyamuka aja, ofika ku Mchinji kwenikweni tinali 8. Ena onse anali apanjira, ndipo mpando umodzi unagulitsidwa katatu. Mawu a malume satchula malo ndi amodzi omwe apanjira, chikhalirecho ndiwo amadyetsa galimotoyi.

Pa Msundwe anyamata anathamangira mawindo ndi mbatata yootcha, nzimbe ndi mazira owiritsa. Ndinagula mbatata ya K500, yotentha moti ndinaigwirira m'chitenje. Minda yonse ndi mapesi okhaokha tsopano, ndipo m'mbali mwa msewu muli masikelo a mavenda ogula soya ndi mtedza.

Mayi wina wachikulire yemwe ndinakhala naye ankapita kukaona wodwala ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Anali ndi basiketi ya nsima yomwe anaphika 4 koloko. Anaikhudza pansi nati, "Yazizira, mwanangu. Ndimati ndikampatse ya m'mawa." Sanadandaule zambiri. Ndinamufunsa ngati angalipire pasadakhale atamva kuti pali galimoto yonyamuka 6 koloko yeniyeni. Anati, "Yeniyeni? Ndingalipire. Koma ndani anganene zoona?"

Titadutsa Waliranji tulo tinandigwira. Ndinadzidzimuka pa Kamwendo, pomwe msewu wa ku Kasungu umapatukira, khosi litauma. Pa boma tinafika 11:10.

Ndiye ndawerengetsa. Ulendo umodzi ndi maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Kuti galimoto ya 6:00 idzanyamukenso ku Lilongwe 2:00 masana, iyenera kufika ku Mchinji cha m'ma 8:30, kupakira, kubwerera isanakwane 11. Zingatheke pokhapokha itanyamukadi 6. Lero yafika 11:10 n'kukalowanso pamzere wa kuno. Ulendo wa 2:00 uja kulibe. Sunakhaleko n'kale lomwe.

Lachiwiri usiku, Mchinji

Ndinasiya galimoto ibwerere popanda ine. Ndimafuna mawa ndiyese ngati munthu wongoona mawu aja pa foni, wopanda wachibale m'kampani.

Chipinda cha resitihausi K15,000, bulangete limodzi lopyapyala, loko wa chitseko woti ukakankha ndi phewa atseguka. Ndatsamiritsa mpando. Kuno kumazizira kuposa ku Kawale, mphepo imatsika m'mapiri aja. Nsima ya nkhuku yachikuda pa lesitilanti ya pafupi ndi msika inali yabwino, ndisaname, ndipo msuzi anandiwonjezera osapempha.

7 koloko ndinaimba nambala ya pa kalendala ija. Siikupezeka. 7:30, chimodzimodzi. 8:15 inalira, osayankhidwa. Ndatumiza uthenga pa WhatsApp, pali kachizindikiro kamodzi kotuwa mpaka pano. Ndikugona osadziwa ngati mawa kuli galimoto.

Lachitatu, Mchinji mpaka Lilongwe

Kondakitala anandiimbira 9:40 m'mawa, phokoso la depoti kumbuyo kwake. "Munandiflasha dzulo, ndani?" Ndinati sindinaflashe, ndinaimba katatu. Anati foni inathima, kwawo kunalibe magetsi, ndipo itayaka anali akusamba. WhatsApp alibe bandulo kuyambira sabata yatha. Nditafunsa nthawi yomwe afike kuno anati, "Tikubwera, anti, tili pafupi kudzadza."

Sindikumuda mnyamatayu. Tsiku lonse dzanja limodzi lili pa chitseko, lina lagwira ndalama zopindidwa pakati pa zala, pakamwa akuitana anthu. Foni ayankha ndi chiyani? Ndipo akayankha n'kulonjeza munthu mpando, alemba pati? Nambala yosungitsira malo imafuna munthu wokhala pansi, wokhala ndi kope ndi cholembera, foni yake yotchaja. Malume anasankha nambala ya kondakitala chifukwa ndiye ali m'galimoto. Chifukwa chomwecho ndi chomwe sayenera kukhala iyeyo.

Ndinadikira pa siteji pafupi ndi mayi wogulitsa zitenje yemwe amakaoda ku Chipata. Tinacheza mpaka anandigawira thobwa la m'botolo lake. Nditamuonetsa chithunzi cha malume ndi mawu ake, anandiphunzitsa zinthu ziwiri zomwe sindikanaziganiza ndili ku Kawale.

Choyamba, iye zithunzi satsegula. Foni yake anaitchera kuti isamakoke zithunzi yokha, bandulo ingathe. Chithunzi chikabwera m'gulu amangoona chimbuuzi, n'kuwerenga mawu apansi. Ngati nthawi, mtengo ndi nambala zalembedwa m'kati mwa chithunzi, kwa iye palibe chomwe chafika. Ndipo ngakhale atsegule, nambala ya m'chithunzi ayenera kuiloweza kapena kuilemba padzanja, pomwe yolembedwa m'mawu amangoidina n'kuimba. Ine ndinali nditaganiza kale zokongoletsa chithunzi ndi zilembo zofiira. Ndinachita manyazi pang'ono.

Chachiwiri, anzake a ku Chipata sangaimbe nambala yoyamba ndi 0. Iwo ayenera kuyamba ndi +265 n'kuchotsa 0 uja. Malire a Mwami ali pafupi kwambiri ndi boma, ndipo ambiri okwera pano m'mawa amakhala atangodumpha kumene. Anati ndilembe mitundu iwiri yonse, kapena ya +265 yokhayo poti imagwira konsekonse.

Kenako anatsitsa mawu. "Koma za kutumiza ndalama pasadakhale, achemwali, musamale. Anthu tinapsa." Akunena mauthenga aja tonse tinalandirapo, oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Munthu akatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba amaona dzina la mwini nambala. Likatuluka dzina lomwe sakuliyembekeza, amasiya pomwepo. Ndiye mawu anene okha kuti potumiza muona dzina lakutilakuti, ndipo nambala yoimbira ikhale yomweyo yolandirira ndalama. Kukhala ziwiri, wina amayamba kukayika.

Galimoto ya malume inafika 12:20, inabwerera 2:50. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni pakati pa matumba a mtedza, maondo kukhosi. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira, kuwerenga mitu, kutiuza tipite. Tinalowa m'tauni dzuwa likulowa, pamzere wa magalimoto wochokera ku Gateway. Msana ukundiwawa. Ndadya mkate ndi tiyi, nsima sindikanatha kuphika.

Lachinayi, Area 36

Ndinapita ndi kope langa. Malume anaitananso adalaivala, omwe atandiona anagwira pakamwa. "Anti a mbatata aja ndinu a pakhomo pano?"

Tinakhala pakhonde, ndipo ndinayamba ndi funso limodzi: anthu angati ayenera kukhala m'galimoto kuti inyamuke osaluza? Malume anati 14. Adalaivala anapukusa mutu n'kuyamba kuwerenga pa zala, m'njira yawo yowerengera ndalama ndi mitu ya anthu. Mafuta a ulendo umodzi wopita amadya anthu asanu, K60,000. Iwo ndi kondakitala, malipiro ndi chakudya, anthu awiri, K24,000. Oitanira a pa siteji amatenga mtengo wa munthu m'modzi, K12,000. Pamodzi anthu 8, K96,000. Galimoto yodzadza ndi ofika kumapeto okhaokha imabweretsa K168,000. Ndiye phindu la malume, matayala, inshuwalansi ndi sevisi zonse zili mwa anthu 6 omalizawo. N'chifukwa chake dalaivala amalolera kukhala maola awiri kudikira anthu atatu. Kwa ife okwera ndi kutaya nthawi, kwa iye ndi theka la phindu la ulendowo.

Apa ndinamvetsa kuti kulemba "6:00" si nkhani ya kalembedwe. Ndi kuvomera kuti tsiku lina galimoto idzachoka ndi mipando isanu yopanda anthu, ndipo wolipira mipandoyo ndi malume. Ndinawauza choncho. Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza kapu.

Adalaivala ndiwo anamasula mfundo. Anati galimoto ya nthawi isalowe pamzere, ipakire panja. Mnzawo wa malume ali ndi shopu ya hadiweya cha ku Malangalanga komweko, yokhala ndi bwalo kutsogolo lomwe limakhala lopanda kanthu mpaka 7:30. Kumeneko kulibe mzere, kulibenso cha oitanira, ndiye anthu 7 akwanira kubweza zolowa. Ndipo mipando yotsala siikhala yopanda anthu mpaka ku Mchinji, chifukwa 6 koloko pa Njewa ndi pa Chitedze pamakhala anthu oima omwe minibasi za pa depoti sizinawafikire. Anawonjeza kuti akafika 8:30 atha kupuma, kudya, n'kubwerera 1 koloko, kufika m'tauni kusanade.

Tinakangana pa maulendo atatu aja. Malume ankafuna onse alembedwe, ati kampani ioneke yaikulu. Ndinakana. Galimoto imodzi ikhale ya nthawi, ulendo umodzi kupita, umodzi kubwera. Inayo ipitirize pamzere monga kale, ndipo isatchulidwe n'komwe. Zikayenda mwezi wathunthu adzawonjezera.

Za dipoziti tinagwirizana theka. Popanda dipoziti anthu 20 anena kuti ndisungireni, abwera 6. Kulipiritsa yonse, palibe atumize kwa kampani yomwe sanaionepo. Malume anafunsa za ndalama yotapira kwa ejenti, ati anthu aziwonjezera. Ndinati ayi, mtengo ukhale umodzi wozungulira, yotapirayo aiwerengere m'kati. Munthu ukamuuza K6,000 kenako n'kuti onjezani pang'ono, wayamba kale kukuona ngati kondakitala wa mabelo uja.

Foni aigwira azakhali, akazi awo a malume, omwe amakhala pa okala yawo pakhomo tsiku lonse ndipo ali ndi kope la ngongole lomwe silinasochepo ndi tambala yomwe. Anavomera, koma anati 8 koloko usiku amazimitsa. Ndinati chabwino, tilemba zomwezo.

Usiku uno ndalemba kasanu. Poyamba ndinayamba ndi moni ndi mawu okometsera, ndinafufuta, chifukwa uthenga ukatalika foni imaudula ndipo ambiri sadina kuti aone kumunsi. Zofunika zikhale pamwamba. Ndinalemba 06:00 ndi 13:00, ndinafufutanso nditakumbukira mayi wa basiketi ya nsima. Iye amati 6 koloko m'mawa, 1 koloko masana. Zomwe zatsala ndi izi, kupatula nambala, dzina la shopu ndi la azakhali zomwe sindiika muno:

LILONGWE–MCHINJI, Lolemba mpaka Loweruka.
Kunyamuka Lilongwe 6 koloko m'mawa, yadzadza kapena ayi. Fikani 5:40.
Malo: bwalo la shopu ya hadiweya ija, msewu wa Malangalanga. Si m'kati mwa depoti.
Kunyamuka Mchinji boma 1 koloko masana.
Mchinji K12,000, Kamwendo K10,000, Namitete K6,000.
Chikwama chimodzi ulere. Belo kapena thumba la makilogalamu 50, K3,000.
Sungitsani malo ndi theka la mtengo pa nambala iyi. Potumiza muona dzina ili.
Foni imayankhidwa 7 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku.
Mukachedwa, dipoziti yanu idikira ulendo wa mawa lake.
Mitengo iyi ndi ya mwezi wa Juni.

Mzere womalizawo malume sanaufune, ati ukuoneka ngati tikukonzekera kukweza. Koma uthenga wa pa WhatsApp sufa. Umayenda gulu ndi gulu miyezi, ndipo mafuta kuno amatha kukwera usiku umodzi MERA ikalengeza. Tonse tikukumbukira Novembala wa 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, momwe mitengo ya dzulo inasandukira nthano. Munthu adzabwera mu Okutobala ndi uthenga wa Juni m'manja, ndipo kondakitala adzafuna chomulozera.

Lachisanu, Kawale

Sindinapite kulikonse. Ndatumiza m'magulu 6 ndipo ndachapa. Azakhali aimba 7:50 usiku: m'kope muli mayina 9, dipoziti yalowa ya onse. Atatu anaimba kungofunsa ngati "yadzadza kapena ayi" ndi zoona. M'modzi anafunsa za mbuzi. Za mbuzi sitinaganize.

Loweruka, Malangalanga mpaka Namitete

5:30 ndinali pabwalo, nditavala majuzi awiri. Galimoto inali itathira mafuta dzulo madzulo ndi ndalama za dipoziti, chinthu chomwe adalaivala ati sanachionepo chiyambire ntchito. Anthu ankafika m'modzim'modzi akuyang'ana foni, kenako chikwangwani cha shopu, kenako galimoto. Kondakitala anali ndi pepala lomwe azakhali anakopera m'kope, akuitana mayina ngati aphunzitsi. Oitanira awiri a ku depoti anabwera kudzaima chapatali, manja m'matumba. Mtima unagunda. Adalaivala anapita kukawapatsa moni, analankhula nawo pang'ono, anabwera osanena kanthu. Nkhani imeneyo sinathe, ndikuona.

5:58 tinali 8 mwa 9, kuphatikizapo ine 9. Wotsalayo, mtsikana wa ku Area 23, anaimbira azakhali kuti ali pa kabaza, wafika pa mlatho. Azakhali anaimbira kondakitala. Onse anayang'ana ine, ngati kuti poti ndinalemba ndine ndiye ndiweruze. Bambo wina kumbuyo anakweza foni yake, akuloza mawu anga omwe. "Mwalemba nokha apa, mayi." Ndinatuluka thukuta m'chisanu chonsecho. Ndinati tidikire mphindi zisanu. Anafika 6:06 akupuma ngati wothamangitsidwa ndi galu, tinanyamuka 6:07. Bambo uja anayang'ana wotchi mokweza kuti ndione. Pa uthenga wa Julaye ndisintha, ndilemba kuti chitseko chimatsekedwa 5:55.

Tauni inali isanadzuke, tinadutsa ngati mphepo. Pa Njewa tinakweza awiri, pa Chitedze awiri, ndipo pofika pa Msundwe kondakitala anali akukana anthu. Anatembenuka n'kundisekerera koyamba chikumanirane.

Ine ndinatsika pa Namitete 7:20, poti ntchito yanga inali itatha ndipo msana sukanalola Mchinji wina. Ndinakhala pa benchi ya tiyi kudikira ya kubwerera, osafulumira, ndikudya chitumbuwa chotentha.

10:15 foni yanga inalira. Bambo wina wa kutchalitchi kwa malume, mawu atakwera. Ati ali pa depoti kuyambira 9:30 ndi akazi awo ndi masutikesi awiri, akufuna ya 10 koloko, nambala ya pa uthenga siikuyankhidwa, ndipo wina wawapatsa yanga. Ndinati ya 10 koloko kulibe. Anati ilipo, akuiwerenga pamenepo: 6:00, 10:00, 2:00, mitengo yotsika.

Malume anatumiza za pa kalendala zija Lolemba usiku lomwelo, ndisanafike n'komwe ku Kawale.

Ndinawapepesa bambowo, n'kuwafotokozera pomwe galimoto yachiwiri yaima pamzere ndi mtundu wake. Anafunsa kuti inyamuka nthawi yanji. Ndinati ikadzadza. Kenako ndinagula mayunitsi a K1,000 kuti ndiwaimbire malume.